Funso lakuthwa limachokera pa mzere womwe wakukanika

Wophunzira akangoti "sindikumva masamu", mphunzitsi amasowa poyambira. Ine ndimalangiza kuti wophunzirayo ayambe wadzifotokozera yekha mokweza, buku litatsekedwa, ndipo pa mzere uliwonse adzifunse kuti, "Chifukwa chiyani?"

Mu 1989, Michelene Chi ndi anzake anapeza kuti ophunzira fizikisi amene ankadzifotokozera zitsanzo za m'buku ankakhoza bwino, komanso ankazindikira kawirikawiri pamene asokonezeka.

Titenge mtsikana wa Fomu 1 amene wapatsidwa 3x + 5 = 20. Akulemba 3x = 20 − 5, n'kupeza x = 5. Wakhoza. Koma pofotokoza akungoti, "5 wawoloka, chizindikiro chasintha." Chasinthiranji? Apa wakakamira. Chimene waloweza chabisa mfundo yeniyeni, yoti 5 wachotsedwa mbali zonse ziwiri kuti zikhalebe zofanana.

Vutoli limaonekera pa 3(x + 5) = 21. Akawolotsa 5 monga anazolowera, apeza 3x = 16. Akabwezera yankho lakelo mu samuyo, 21 satuluka. Yankho lolondola ndi x = 2.

Tsopano ali ndi funso: "Aphunzitsi, pa samu yoyamba ndinachotsa 5 ndipo zinatheka. Nanga pa yachiwiri zakanikiranji?" Mphunzitsi amuonetsa kuti 5 wachiwiriyu wachulukitsidwa ndi 3, choncho woyenera kuchotsedwa ndi 15.

Komabe munthu angathe kudzifotokozera zolakwika n'kukhutira nazo. Choncho, ophunzira inu, yesani kufotokoza kwanu pa samu yatsopano musanapite kwa aphunzitsi.