Magazi akamangotha ngakhale athiridwe ena: mwina gwero ndi m'mafupa

Kuno kwathu ku Mitundu ndi ku Nathenje, munthu akayera m'maso ndi m'manja timangoti magazi achepa, amwe chidede, adye bonongwe. Nthawi zambiri timakhala talondola, poti malungo, njoka za m'mimba ndi kuperewera kwa ayironi ndi zomwe zimatha magazi a anthu ambiri. Koma pali nthenda ina yosowa, apulasitiki anemiya, imene masamba ngakhale mapilitsi a ayironi sangaithe. Pa nthendayi zopangira magazi zimakhalapo, koma chopanga magaziwo ndiye chaima.

Magazitu amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, makamaka a m'chiuno, a msana ndi a pachifuwa. M'menemo muli maselo amene tingawatche makolo. Kholo limodzi lomwelo ndilo limabala mitundu itatu: maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera amene ndi asilikali a thupi, ndi mapulateleti oundanitsa magazi pabala. Makolowa akaonongeka, malo awo amadzaza ndi mafuta wamba, ndipo mitundu itatu ija imatsika yonse poti gwero lake ndi limodzi.

Kungoti zizindikiro sizibwera tsiku limodzi. Taganizani wagolosale amene galimoto yomubweretsera katundu yasiya kubwera. Buledi amayamba kutha, shuga amakhalitsako. Asilikali otchedwa manyutirofilu sakwanitsa n'komwe tsiku limodzi ali m'magazi, mapulateleti amakhala masiku 8 mpaka 10, pomwe maselo ofiira amafika masiku 120. N'chifukwa chake odwala ambiri amayamba ndi kamfuno, magazi m'nkhama potsuka mano, timadontho tofiira m'miyendo, kapena msambo wosadukiza. Zilonda zakukhosi ndi kutentha thupi zimabwerabwera. Kuyera m'maso, befu ndi kugunda kwa mtima zimakula pang'onopang'ono.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 19 wakabaza amene wayamba kulephera chitunda chomwe ankakwera bwinobwino. Malungo amuyeza kawiri, alibe. Kenako amuyeza magazi onse, kuyeza kumene kuchipatala amati fulu buladi kaunti. Himogulobini wapezeka 6, pomwe mwamuna wathanzi amakhala ndi 13 kapena kuposa. Mapulateleti ali 12,000 m'malo mwa 150,000 kupita m'mwamba. Manyutirofilu ali 400 m'malo moposa 1,500. Mapulateleti akatsika pansi pa 20,000 ndipo manyutirofilu pansi pa 500, madokotala amati zafika poopsa, chifukwa kachilombo kakang'ono kangathe kupha munthu m'masiku ochepa.

Manambalawa paokha satsimikiza nthendayi. HIV, TB yofalikira m'thupi, kuperewera kwa vitamini B12, kapamba wotupa ndi khansa ya m'magazi nazo zimatsitsa mitundu itatuyi, ndipo ndi zomwe zimapezeka kwambiri. Chotsimikiza n'kutapa pang'ono m'fupa la m'chiuno ndi singano, zomwe zimafuna chipatala chachikulu ngati Kamuzu Central Hospital. Pa khansa m'fupamo mumadzaza maselo oipa. Pa apulasitiki anemiya mumapezeka mbee, mafuta okhaokha.

Nanga chimaononga makolowa n'chiyani? Mwa odwala ambiri ndi chitetezo cha thupi lawo lomwe chimene chimasokonekera n'kuyamba kuwapha, popanda chifukwa chooneka. Mwa ena zimatsatira matenda a chiwindi, mankhwala a kuloramufenikolo, benzini wa m'petulo, kapena mankhwala ena ophera tizilombo. Ndiye inu opopera fodya ndi tomato muzidziteteza, ndipo makapusozi a pamsika musamangomwa. Nthendayi siyopatsirana, komanso palibe amene wapopa magazi a wodwalayo. Dokotala wa ku Germany, Paul Ehrlich, anaifotokoza kalekale mu 1888.

Kuthira magazi kumapulumutsa moyo koma sikudzutsa mafupa. Magazi othiridwawo nawo amatha, mapulateleti m'masiku ochepa chabe, n'chifukwa chake wodwala amadalira anthu opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service mobwerezabwereza. Thandizo lenileni lili pawiri: mankhwala ofooketsa chitetezo chosokonekeracho, monga sayikulosiporini, kapena kuika maselo atsopano ochokera kwa m'bale wa bere limodzi wofanana naye. Kuikaku kumachitikira kunja, monga ku South Africa ndi ku India, ndipo mwayi woti m'bale mmodzi afanane nanu ndi umodzi mwa inayi. Abale otere asapereke magazi awo kwa wodwalayo, chifukwa thupi lingadzakane maselo awo pambuyo pake.

Mukaona kuyera m'maso, kukha magazi ndi kutentha thupi zakumana mwa munthu mmodzi, musamupatse asipirini kapena bulufeni, zimaonjezera kukha magazi. Pitani naye tsiku lomwelo ku Mitundu Community Hospital kapena ku Nathenje Health Centre, mukatchule zizindikiro zonse zitatu, ndipo mukafunse ngati angamuyeze magazi onse, osati himogulobini yekha.