Kuveka nambala mitengero musanazipereke kwa SQL

Tiyerekeze kuti mumasunga kaundula wa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama. Mamembala onse ali m'detabesi, ndipo aliyense ali ndi nambala yake ya manambala asanu, monga 00417 kapena 10233. Mkulu wa za ngongole wakutumizirani fayilo ya Excel yokhala ndi nambala 40 zondandalikidwa chotsika, ndipo akufuna mayina ndi ngongole za anthu amenewa basi. Kufufuza mmodzimmodzi kukudyerani m'mawa wonse. Detabesi ingathe kuyankha zonse kamodzi, bola muyifunse m'chinenero chake, chomwe ndi SQL, chimene Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anayambitsa ku IBM m'zaka za m'ma 1970.

Funsolo limalembedwa chonchi:

```sql
SELECT nambala, dzina, ngongole
FROM mamembala
WHERE nambala IN ('00417', '00952', '10233');
```

Mawu akuti `IN` akuuza detabesi kuti isefe kaundula wonse ndi kutulutsa mizere yokhayo imene nambala yake ili m'mabulaketimo. Vuto n'lakuti zimene mwakopera ku Excel sizioneka choncho. Zimabwera zamaliseche, nambala iliyonse pamzere wakewake, popanda mtengero kutsogolo ndi kumbuyo, popandanso mpatuliro wozilekanitsa. Zikakhala zitatu mumalemba pamanja. Zikakhala 40 kapena 600, dzanja limatopa, diso limaphonya, ndipo mpatuliro umodzi wosowa umagwetsa funso lonse.

Ambiri amaona ngati mitengeroyo ndi mwambo chabe, ndiye ena amaika, ena amasiya. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukalemba `417` popanda mitengero, mukuuza detabesi kuti ichi ndi chiwerengero, chinthu choti chingaphatikizidwe kapena kuchotseredwa. Mukalemba `'00417'`, mukunena kuti awa ndi malemba asanu oyenera kufanana ndendende ndi amene ali m'kaundula. Nambala ya membala si chiwerengero: palibe amene amaphatikiza membala 417 ndi membala 952. Ndi dzina lolembedwa ndi manambala. N'chimodzimodzi nambala za foni kuno ku Malawi, zoyamba ndi 088 kapena 099: ziro woyambayo ndi gawo la nambalayo, koma kwa kompyuta imene ikuwerenga chiwerengero, ziro wa kutsogolo alibe ntchito ndipo amatayidwa.

Choncho musanaveke kalikonse, yambani mwafunsa kuti danga la `nambala` linakonzedwa kuti lizisunga chiyani. Ngati mtundu wake ndi `INTEGER`, mitengero siyofunika, mipatuliro yokha yakwana. Ngati ndi `VARCHAR` kapena `TEXT`, mitengero ndi yofunika. Mukaisiya, detabesi iliyonse imachita zake. PostgreSQL imakana poyera, n'kunena kuti singayerekeze malemba ndi chiwerengero. SQL Server imayesa kusandutsa zonse za m'dangalo kukhala ziwerengero, ndipo ikakumana ndi mzere umodzi wokhala ndi chilembo, monga `A0417`, imaima ndi uthenga woyamba ndi mawu akuti `Conversion failed`. MySQL ndiyo imalola mwakachetechete: imasandutsa malembawo kukhala ziwerengero, kotero `417`, `0417` ndi `00417` zimakhala chinthu chimodzi, ndipo funsolo limachedwanso chifukwa singagwiritse ntchito kalozera wa dangalo. Kulola kotereku n'koopsa kuposa kukana, chifukwa mukhoza kulandira mbiri ya munthu wina osadziwa.

Mitengero yakenso ndi iyi yaumodzi, `'`, osati yapawiri, `"`. Pa malamulo a SQL, yapawiri imakuta mayina a madanga ndi matebulo, ndiye `"00417"` pa PostgreSQL kapena Oracle imamveka ngati dzina la danga limene kulibe. Musalemberenso mndandandawu mu Word, chifukwa Word imakhotetsa mitengero kuti ioneke bwino papepala, ndipo yokhotayo detabesi siidziwa.

Tsopano kuveka kwenikweni. Njira imene ambiri amayamba nayo ndi ya mu Excel momwemo. Nambala zili mu `A2` mpaka `A41`. Mu `B2` lembani izi:

```
="'"&TRIM(A2)&"',"
```

Chizindikiro cha `&` chimalumikiza zidutswa zitatu: mtengero wotsegula, nambalayo itachotsedwa mipata ya m'mbali ndi `TRIM`, kenako mtengero wotseka ndi mpatuliro. Kokerani pansi mpaka `B41`, koperani zonse, n'kuziika pakati pa mabulaketi. SQL siisamala kuti nambala iliyonse ili pamzere wake. Chotsala ndi kufufuta mpatuliro wa nambala yomaliza, chifukwa `'10233',)` imauza detabesi kuti kukubwera china chimene sichinabwere, ndipo imadandaula kuti funso lalembedwa molakwika. Mwa zolakwika zonse za ntchito imeneyi, ichi ndicho chimachitika kawirikawiri, koma n'chosavuta kuchigwira popeza detabesi imanena yokha.

Wina angafunse chifukwa chake sitingotayipa mtengerowo m'bokosi la Excel. Mtengero woyamba m'bokosi Excel imaumeza: imautenga ngati chizindikiro chakuti zotsatirazo ndi malemba, ndipo suoneka. Mukakopera mumapeza `00417',` yopanda chotsegula.

Amene ali ndi Excel ya 2019 kapena yatsopano kuposa apo angachite zonse m'bokosi limodzi:

```
="'"&TEXTJOIN("','",TRUE,A2:A41)&"'"
```

Iyi ndimaikonda chifukwa imaika `','` pakati pa nambala pokha, ndiye mpatuliro wotsalira kumapeto sukhalapo, ndipo `TRUE` amalumpha mabokosi opanda kanthu. Malire ake ndi akuti bokosi limodzi la Excel silisunga zilembo zoposa 32,767.

Ngati nambalazo zabwera mu uthenga osati mu Excel, ziikeni mu Notepad++, dinani `Ctrl+H`, sankhani `Regular expression`, ndipo mulembe:

```
Find what:    ^(.+)$
Replace with: '\1',
```

Tanthauzo lake ndi lakuti: gwira zonse zili pamzere kuyambira poyamba mpaka pothera, uzibweze zitavala mitengero ndi mpatuliro. Mizere yopanda kanthu imasiyidwa. Njira iyi ili ndi ubwino wakuti Notepad++ sisintha nambala zanu, pomwe Excel imazisintha isanakufunseni.

Tibwerere ku nambala 40 zija. Mwaveka, mwafunsa, detabesi sinadandaule, ndipo yatulutsa mizere 37. Apa ndi pamene ndimafuna aliyense wogwira ntchitoyi aime kaye. `IN` siinena kuti nambala yakutiyakuti sindinaipeze. Imangotulutsa zimene yapeza, ndipo tebulo la mizere 37 limaoneka lokwanira ngati la mizere 40. Mukalitumiza chomwecho, anthu atatu asowa pa lipoti la ngongole popanda wodziwa. Werengani zolowa, werengani zotuluka, nthawi zonse.

Atatuwo apita kuti? Sanjani mndandanda wanu ndi zotsatirazo kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, muziike moyandikana, muone pamene zasiyana. M'chitsanzo chathu, mupeza kuti mndandanda uli ndi `'952'` pomwe kaundula ali ndi `00952`. Amene anakonza fayiloyo anatayipa nambala imeneyi m'bokosi wamba, Excel n'kudya maziro ake awiri. Ngati mukudziwa kuti nambala zonse zimakhala za manambala asanu, mumawabwezeretsa motere:

```
="'"&TEXT(A2,"00000")&"',"
```

Wachiwiri ndi `10233`, amene analembedwa kawiri pa mndandanda. Detabesi yamutulutsa kamodzi, ndipo yachita bwino. Anthu anali 39, osati 40. Wachitatu akuoneka wolondola kotheratu, koma mukayendetsa kalozera pakati pa mitengero mupeza kuti pali kampata kobisika kutsogolo kwa nambala. Zokopera kuchokera pa intaneti nthawi zina zimabwera ndi mpata wa mtundu wina umene `TRIM` siichotsa, ndipo umafunika kufufutidwa pamanja kapena ndi `SUBSTITUTE(A2,CHAR(160),"")`. Mukakonza ziwirizo n'kufunsanso, mizere ikhala 39, ndipo mutha kuwauza mkulu aja chifukwa chake si 40.

Pali kuwonongeka kumodzi kumene sikukonzeka. Excel imasunga manambala 15 okha a chiwerengero. Nambala ya manambala 16, monga ya pa khadi la kubanki, ikalowa m'bokosi wamba imaoneka ngati `4.12E+15`, ndipo nambala yake yomaliza imasanduka ziro mpaka kalekale. Kuiveka mitengero pambuyo pake sikubweza chimene chatayika. Muyenera kupempha fayilo ina, ndipo danga lake lisinthidwe kukhala `Text` nambala zisanaikidwemo.

Tsiku lina mndandanda udzakhala wa mayina osati nambala, ndipo Chichewa chathu chili ndi msampha wake. Dzina ngati Ng'oma lili kale ndi chizindikiro chofanana ndi mtengero, ndiye detabesi imaganiza kuti malemba athera pa `Ng`. Chizindikirocho chimalembedwa kawiri: `'Ng''oma'`.

Njira yonseyi ndi ya mindandanda yaifupi yofunsa kamodzi. Kwa zaka zambiri Oracle inkakana mndandanda wa zinthu zoposa 1,000 ndi uthenga wa `ORA-01795`, ndipo maofesi ambiri akadali ndi mitundu imeneyo. Ngakhale pamene palibe malire otero, funso la nambala zikwi zingapo ndi lovuta kuliwerenga ndi kulikonza. Zikafika apo, kapena ngati mndandanda umabwera mwezi uliwonse, ikani nambalazo mu tebulo lapadera ndi kulumikiza matebulo awiriwo ndi `LEFT JOIN`. Mukatero detabesi yokha imakuonetsani nambala zimene zilibe mnzake m'kaundula, zomwe `IN` sichita.

Pa intaneti pali masamba amene amaveka mitengero mukangoika mndandanda. Sindilangiza kuikapo nambala za mamembala, za foni kapena za maakaunti, chifukwa mukatero mwatulutsa zinthu za anthu kupita ku kompyuta ya munthu amene simukumudziwa, pa ntchito imene fomula ya mzere umodzi imamaliza pa desiki panu. Ndipo ngati mndandandawo ukupita mu `UPDATE` kapena `DELETE`, yambani mwauyesa ndi `SELECT` yokhala ndi `WHERE` yemweyo, muwerenge mizere, muone mayina angapo ngati ndi anthu oyenera, kenako musinthe mawu oyambawo osakhudza mndandanda.