Mwana akayamba kuyendetsa galimoto yanu

Mwana wanu wazaka 19 akatenga laisensi, musamupatse makiyi musanauze kampani ya inshuwalansi. Kampani imaona kuti dalaivala wamng'ono kapena wongoyamba kumene sachedwa kuchita ngozi, choncho imakweza ndalama zimene mumalipira pachaka. Makampani ambiri amaonjezeranso gawo limene mumalipira nokha ngozi ikachitika woyendetsa asanakwanitse zaka 25.

Auzeni zaka zake, tsiku limene anatengera laisensi, ngozi zimene anachitapo, komanso ngati galimotoyo izigona kwina. Chimene chimapweteketsa makolo ambiri n'kulembetsa kuti woyendetsa weniweni ndi iwo, pamene mwanayo ndiye amapita nayo kukoleji tsiku lililonse. Limeneli ndi bodza, ndipo kampani ikalitulukira pofufuza ngozi ikhoza kukana kukonzetsa galimoto yanu n'kuthetsa mgwirizano wonse.