Mlonda wanga ankalankhula osatseka pakamwa

Imani kaye pagalasi, munene kuti "Bambo, imani pompo!" Nenani pang'onopang'ono, mukuwerenga kuti milomo yanu yakumana kangati. Mupeza kasanu: kawiri pa "bambo", kamodzi pa "imani", kawiri pa "pompo". Mawu amenewa ndi amene ndinapatsa kamunthu kanga koyamba ka mugemu, mlonda wa pageti, ndipo milomo yake sinakumane ngakhale kamodzi. Mawu ankamveka bwinobwino, koma pakamwa pankangoti yasa yasa ngati nsomba yoivuula m'madzi. Mnzanga amene ndinamuonetsa anangoseka, amvekere, "Akutafuna chani ameneyu?" Ndinataya masiku awiri ndisanapeze vuto, chonsecho linali la samu yophonkhetsa basi.

Nkhope ya kamunthu ka mugemu ili ngati ukonde wokhala ndi timfundo tambirimbiri, ndipo kompyuta imasunga malo a kamfundo kalikonse. Mukafuna kuti pakamwa paziyenda, mumakopera nkhope yomweyo, n'kusuntha timfundo ta milomo mpaka pakamwa paoneke ngati pakunena "aa". Nkhope yachiwiriyi ndi imene imatchedwa bulendi shepu. Mu Blender, pulogalamu yaulere ija, muipeza pansi pa dzina loti Shape Keys. Mukadina chizindikiro cha + koyamba mumalandira Basis, yomwe ndi nkhope yongokhala phee, ndipo mukadinanso mumalandira shepu yatsopano yoti muiumbe. Shepu iliyonse ili ndi nambala yake pa Value, yochokera pa 0 kufika pa 1. Pa 0 nkhope siisintha, pa 1 shepu yonse yaoneka, pa 0.5 ili pakatikati. Chenjezo limodzi lokha apa: malizani kaye kuumba mutu wonse musanayambe mashepu. Kompyuta imafananitsa kamfundo ka nambala 500 ka nkhope ino ndi ka nambala 500 ka nkhope inayo, ndiye mukamawonjezera kapena kuchotsa timfundo pambuyo pake mumadziputira mavuto.

Simufunika shepu ya lemba lililonse. Bwererani pagalasi munene "ma, ba, pa" osatulutsa mawu: diso silingasiyanitse. Maonekedwe amodzi a pakamwa oimira maphokoso angapo chonchi amatchedwa vizimu, osati mizimu ayi, musathawe. Oculus Lipsync imagwiritsa ntchito mavizimu 15, ndipo m, b ndi p onse ali mu imodzi yotchedwa `PP`, pamene "a" wotsegula pakamwa ndi `aa`. Ine mlonda wanga ndinamupangira ochepa kuposa pamenepo, koma awiri amenewa ndi amene anandivutitsa.

Chimene ndinali ndisanamvetse n'chakuti shepu siisunga malo oti mlomo ukafike. Imasunga mtunda woti mlomo usunthe kuchoka pa Basis. Mashepu awiri akayaka nthawi imodzi, kompyuta siisankha wopambana, imangophatikiza mitundayo:

```
P = B + w1*(S1 - B) + w2*(S2 - B)
```

Apa `B` ndi malo a kamfundo pa Basis, `S1` ndi `S2` ndi malo ake m'mashepu awiriwo, pamene `w1` ndi `w2` ndi manambala a Value aja.

Tiyeni tiike manambala osavuta. Pa Basis milomo ya mlonda yangogundana, mpata ndi 0. Shepu ya `aa` imatsegula mpata wa mamilimita 20. Shepu ya `PP` imakanikiza milomo ndi mamilimita 2, ndiye tiilembe kuti −2, popeza ikukokera kumbali inayo. Payokhapayokha iliyonse inkaoneka bwino kwambiri, n'chifukwa chake sindinkaikayikira. Koma mugemu ndinali nditauza manambalawa kuti azikwera ndi kutsika mofatsa, kuopa kuti pakamwa pangamadumphe ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo. Ndiye taonani zimene zinkachitika pa "bambo". Pa "ba", `aa` inkafika pa 1. Pofika pa "mb", `PP` inkakwera mpaka 1, koma `aa` inali isanamalize kutsika, inali ikadali pa 0.4. Werengani nokha: 0.4 kuchulukitsa ndi 20 ndi 8, kuchotsapo 2 kutsala 6. Mamilimita 6 a mpata, pamalo pomwe munthu aliyense amatseka pakamwa! Mlonda ankamveka kuti "bambo" koma ankaoneka ngati akuti "aao".

Choyamba chimene ndinayesa chinali cholakwika, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu muchiganiza. Ndinaumbanso `PP` kuti izikanikiza ndi mamilimita 8. Pa "bambo" zinatheka ndithu. Koma mlonda akayamba chiganizo ndi "moni", pakamwa pali potseka kale, mlomo wam'munsi unkalowa mkati mwa wam'mwamba n'kutulukira pansi pa mphuno. Zinali zoopsa kuziona.

Njira imene inathandiza ndi kupatsa `PP` ufumu. Ikamakwera, mashepu otsegula pakamwa azitsika mokakamizidwa. Mu Unity ndi mizere yochepa chabe, kungokumbukira kuti kumeneko mlingo umachokera pa 0 kufika pa 100:

```
aa = aa * (1f - pp);
nkhope.SetBlendShapeWeight(0, aa * 100f);
nkhope.SetBlendShapeWeight(1, pp * 100f);
```

Tsopano `pp` ikafika pa 1, `aa` ija ya 0.4 ikuchulukitsidwa ndi 0, n'kuzimiririka. Mpata ukubwerera pa −2, milomo yakanikizana. Koma samalani, izi zimagwira ntchito `pp` ikafikadi pa 1. Ikathera pa 0.7, `aa` imatsala pa 0.12, ndipo 2.4 kuchotsa 1.4 kumasiya milimita imodzi yotseguka. Choncho mashepu enawo ndinawasiya kuti aziyenda mofatsa, koma `PP` ndinaiuza kuti izikwera msanga.

Kenaka pali nkhani ya nthawi, imene ine ndimaiona kuti ndi yosangalatsa kuposa samuyo. Nenani "pompo" dzanja lili pafupi ndi pakamwa. Phokoso la p woyambayo limatuluka pamene milomo ikutseguka, osati pamene ikutsekeka. Kutseka kumachitika kale, mwakachetechete, mpweya ukudzikundika kuseri kwa milomo. Ndiye mukaika `PP` pomwe phokoso layambira pa mzere wa mawu, mwachedwa: kamunthu kazitseka pakamwa pamene kakuyenera kutsegula. Muiike patsogolo pang'ono, m'kampata kachete kaja. Gemu yanga inkaonetsa zithunzi 30 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chimakhala pafupifupi mamilisekondi 33. Ndinaona kuti milomo ikatseka kwa chithunzi chimodzi chokha, diso limaphonya. Nditaisunga yotseka kwa zithunzi ziwiri, mlonda anayamba kuoneka kuti akulankhuladi.

Mashepu ali ndi malire ake, ndipo muwaona msanga pa chibwano. Kamfundo kalikonse kamayenda mzere wowongoka kuchoka pa Basis kupita pa shepu, pamene chibwano cha munthu chimazungulira pa mfundo ili pafupi ndi khutu. Pakamwa pakatseguka pang'ono palibe angazindikire, koma mlonda akakuwa kwambiri, pakatikati pa ulendowo chibwano chimaoneka ngati chafupika. Ambiri amathetsa izi poika fupa loyendetsa chibwano ndi mano a m'munsi, n'kusiyira mashepu ntchito ya milomo yokha.

Masiku ano ndikamaliza chiganizo chilichonse ndimachiyesa motere. Ndimalemba mawuwo papepala, ndimazunguliza m, b ndi p aliyense, ndipo "mb" kapena "mp" ndimawerenga ngati kutseka kumodzi. Kenaka ndimazimitsa mawu, n'kumayendetsa chithunzi chimodzichimodzi ndikuwerenga pomwe milomo yakumana. Pa "Bambo, imani pompo!" ndikapeza kanayi, ndimabwerera kukafuna pamene `aa` yakanirira.