Nsenjere Yamsinkhu wa M'chiuno Ndiyo Imadzaza Chigubu

Mukalawira m'mawa m'midzi ya ku Bvumbwe, Chiradzulu kapena Mulanje, mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo ya udzu, abambo ataumanga pa kaliyala ya njinga, onse akulunjika kukhola. Ng'ombe za mkaka kuno sizipita kubusa. Malo ndi ochepa, ndipo ng'ombe zamakonozi sizichedwa kudwala zikalumidwa ndi nkhupakupa zakutchire. Ng'ombe imakhala m'khola moyo wake wonse, nkumadya chokhacho chimene mwini wake wabweretsa. Nchifukwa chake munda wa nsenjere uyenera kulimidwa ndi mtima womwe timalimira chimanga.

Nsenjere imakonda nthaka yakuya, yachonde, yosunga chinyontho koma yosadikha madzi. Malo abwino ndi apafupi ndi khola, chifukwa udzu udzayenda ulendo wopita kukhola tsiku lililonse, manyowa nawo nkumabwerera kumunda. Amene munda wawo ndi wotsetsereka angathe kuibzala m'mizere yopingasa phiri, kuti mizu yake igwire dothi.

Nthawi yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Mbewu yake ndi mapesi okhwima, otengedwa pa mapando athanzi. Dulani phesi m'zidutswa za mfundo zitatu, muzizike chopendeketsa, mfundo ziwiri zilowe m'nthaka, imodzi itsale kunja. Yang'anitsitsani kamaso kali pamfundopo: kaloze kumwamba, pakuti chidutswa chozikidwa chozondotsa chimavutika kuphuka. Ngati mnansi wanu ali ndi munda wakale, mpempheni mugawe phata lake, mubzale timagulu tokhala ndi mizu kale. Timeneti timagwira msanga, ndipo chiswe sichitivuta ngati mmene chimavutira mapesi mvula ikadukiza. Mizere italikirane mita imodzi, mapando theka la mita, ndipo phando lililonse lilandire manyowa owola bwino odzaza manja awiri. Pakatha milungu itatu yendani mumzere, mubwezere paliponse pamene sipanaphuke, ndipo mupalire mpaka nsenjere itaphimba nthaka.

Kubzala sikuvuta. Pamene alimi ambiri amaluza mkaka ndi pa kudula. Kudula koyamba kumachitika pakatha miyezi itatu kapena inayi. Kuchokera pamenepo, nsenjere idulidwe ikafika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, msinkhu wa m'chiuno kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. M'nyengo yamvula imafika pamenepo pa milungu 6 mpaka 8. Mlimi amakopeka kuisiya italike kuposa denga la khola, poti mtolo wake umalemera ndipo umaoneka wochuluka. Koma nsenjere ikamakalamba, masamba amachepa, phesi limauma ngati bango, ndipo mapuloteni amene ng'ombe imapangira mkaka amatsika. Ng'ombe imakhuta, mimba nkutukumuka, koma chigubu chopita nacho ku gulu logulitsira mkaka chimapepuka.

Mungathe kuuyesa udzu ndi dzanja. Pindani phesi: lanthete limathyoka kuti thyo, nkutuluka madzi, pomwe lokalamba limangopindika kapena kung'ambika ulusiulusi, m'munsi mwake masamba atauma. Umboni wina uli m'chodyeramo. Mukapeza m'mawa mulu wa timitengo timene ng'ombe yakankhira pakona itabudula masamba okha, dziwani kuti mwachedwa kudula. Nayonso nsenjere yaing'ono kwambiri, yosafika m'mawondo, si yabwino: ndi madzi okhaokha, ndowe imatuluka yamadzi, ndipo phata limafooka chifukwa chodulidwa pafupipafupi.

Dulani ndi chikwanje chakuthwa, musiye chitsa cha masentimita 10 kapena pang'ono kuposa pamenepo, ngati kutambalala kwa chikhatho. Mukasiya zitsa zazitali, mphukira zimatulukira pamwamba, zoonda, ndipo phata limayamba kufa pakati. Udzu wodula usiyeni pamthunzi maola angapo kuti ufote, kenako muudule pachipika m'tizidutswa tosaposa masentimita 5, kuti ng'ombe isasankhe masamba nkutaya mapesi.

Nanga munda ukule bwanji? Tiyeni tiwerengere ng'ombe imodzi yokamidwa, yolemera makilogalamu pafupifupi 400. Yotere imadya makilogalamu 50 mpaka 60 a nsenjere yaiwisi patsiku. Dulani mapando khumi m'munda wanu, muike pasikelo. Tinene kuti akwana makilogalamu 10, ndiye kuti phando limodzi likupereka kilogalamu imodzi, ndipo ng'ombeyo ikufuna mapando 60 patsiku. Phando limene mwadula lero lidzakhala lokonzeka pakatha milungu 8, omwe ndi masiku 56. Mapando 60 kuchulukitsa ndi masiku 56 akupereka mapando 3,360. Pa katalikirane tatchula kaja, mapando amenewa amadya malo ochepera pang'ono theka la ekala. Mukatero mumayamba kudula kumutu kwa munda, mizere ingapo tsiku lililonse, ndipo pofika kumapeto, kumene munayambira kwabiriwiranso. Munda wosamalidwa bwino umaoneka ngati makwerero: apa zitsa, apo mphukira, uko udzu wofika m'chiuno.

Chiwerengero chimenechi ndi cha nthawi yamvula. Kukazizira mu Juni ndi Julayi nsenjere imakula pang'onopang'ono, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Novembala yakumtunda imangoti chilili. Amene akufuna kuti ng'ombe ndi thole lake zidye chaka chonse amafunika malo oyandikira ekala yathunthu. Udzu wochuluka wa mu Febuluwale ndi Malichi usasiyidwe kuti ukalambire m'munda poyembekeza chilimwe. Udulidwe pamsinkhu wake, ufote, udulidwe tizidutswa, uwazidwe molasesi kapena madeya, nkutsinderedwa mwamphamvu m'dzenje loyalidwa pulasitiki kuti mpweya usalowe. Sayileji wopsa bwino amanunkhira mowawasa mokoma. Wakuda, wankhungu, wonunkha chivundi, ndi wotaya.

Nsenjere imadya chonde kwambiri, ndipo mtolo uliwonse wopita kukhola umachotsa chonde chimenecho m'munda. Munda wosabwezeredwa kanthu umakongola chaka choyamba, chachiwiri masamba nkuyamba chikasu, mapesi kuonda, mapando khumi aja osakwananso makilogalamu 10. Mankhwala ake ali m'khola momwemo. Ndowe ndi mkodzo zotsukidwa pansi pa khola zisonkhanitsidwe m'dzenje, ndipo mukangodula mzere, kumbani kangalande pakati pa mizere, muthiremo, mukwirire. Zikangomwazidwa pamtunda, dzuwa ndi mphepo zimauluza mphamvu ya mumkodzo. Feteleza wa yureya amathandiza pamene nthaka ili yonyowa, koma pa nthaka youma ndi ndalama yotayika. Phando limene lafupika, masamba ake ang'onoang'ono achikasu atathithikana pomwe anzake ali bwino, lizulidwe ndi mizu yomwe nkutenthedwa, ndipo musatengepo mbewu.

Ngakhale yodulidwa panthawi yake, nsenjere payokha imapereka mkaka wamalire. Ng'ombe yotulutsa malita opitirira khumi imafuna zowonjezera: madeya, mchere wa ng'ombe, masangwi a mtedza, masamba a lukina osaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, ndi madzi osatha m'chomweramo. Koma zonsezi zimamangidwa pamwamba pa udzu wabwino. Mawa m'mawa, musanatenge chikwanje, suzumirani kaye m'chodyeramo muone zimene ng'ombe yasiya usiku. Zimenezo zidzakuuzani mzere umene muyenera kudula lero.