Kalata yoperekera vidiyo yoyamba: kukonza kuthere pati?

Wojambula akamaliza kulumikiza vidiyo ya ukwati, kawirikawiri amangoitumiza pa WhatsApp n'kulemba kuti, "Nayi vidiyo ija, muione." Mikangano yambiri ya ojambula ndi makasitomala awo imayambira pa uthenga waufupi umenewu. Lolemba mkwatibwi aimba foni kuti achotse pamene anapunthwa polowa m'holo. Wojambula akonza, atumiza. Lachitatu apongozi aona kuti abale ochokera kumudzi sakuoneka mokwanira pa perekaniperekani. Akonzanso. Loweruka wapampando wa komiti akumbuka kuti mawu ake anadulidwa pakati. Pofika apa wojambula watopa ndipo wayamba kutchula ndalama zoonjezera, pomwe banja likudabwa kuti ndalama zanji poti linalipira kale.

Palibe amene wachita zachinyengo apa. Chimene chinasowa ndi kalata yonena momveka kuti vidiyoyi ili pati, ikonzedwa kangati, ndiponso kuti kukonza kamodzi n'kutani.

Kasitomala ambiri sadziwa kuti kusintha kakang'ono kamadya nthawi yotani. Kuchotsa masekondi asanu pa vidiyo ya mphindi 40 ndi ntchito ya kanthawi kochepa, koma akatero wojambula amayenera kuitulutsanso vidiyo yonseyo pa kompyuta, kuionera kuti atsimikize kuti mawu ndi zithunzi zikuyenderabe limodzi, kenaka kuikwezanso pa intaneti ndi bando yake. Magetsi akazima ntchito ili pakati, amayambiranso. Choncho madandaulo asanu obwera tsiku limodzi ndi ntchito imodzi, koma madandaulo asanu omwewo akabwera masiku osiyanasiyana ndi ntchito zisanu. N'chifukwa chake ojambula odziwa ntchito amawerenga maulendo okonza, osati zinthu zokonzedwa.

Nachi chitsanzo cha kalata yotere. Masiku ndi ndalama zili m'menemu n'zongoyerekeza, aliyense aike zimene anapangana ndi kasitomala wake.

"Okondedwa Bambo ndi Mayi,

"Ndakutumizirani vidiyo ya ukwati wanu, yotalika mphindi 42. Iyi ndi yoyamba, sinamalizike. Chonde muone ndondomeko yake, anthu amene akuoneka, nyimbo ndi kalembedwe ka mayina. Kuwala kwa zithunzi ndi kukweza kwa mawu musade nazo nkhawa, ndidzazisalaza kumapeto. Chizindikiro cha situdiyo chimene chili pakatipo chidzachoka pa vidiyo yomaliza.

"Monga tinagwirizana, mtengo umene munalipira uli ndi maulendo awiri okonza. Ulendo umodzi ndi mndandanda umodzi wa zonse zimene mukufuna kuti zisinthe, kaya ndi zitatu kaya khumi. Muionere pamodzi ndi abale onse amene ali ndi mawu pa nkhaniyi, kenaka munthu mmodzi anditumizire mndandandawo polemba, pasanathe masiku 7. Pa chilichonse mutchule mphindi ndi sekondi, mwachitsanzo: 18:05, chotsani pamene mwana akudutsa kutsogolo kwa kamera.

"Ngati ndalakwitsa ine, monga kulemba dzina molakwika, ndidzakonza popanda kuwerengera. Kusintha nyimbo titagwirizana kale, kapena kujambula zina zatsopano, ndi ntchito ina imene tingakambirane mtengo wake. Ulendo wachitatu ndi K40,000. Ndikalandira mndandanda wanu, vidiyo yokonzedwa muilandira pakatha masiku 5.

"Zikomo kwambiri chifukwa chondikhulupirira pa tsiku lanu lalikulu."

Mtima wa kalatayi uli pa ndime yachiwiri. Kungolemba kuti "ndikonza kawiri" sikukwanira, chifukwa kasitomala angamve kuti waloledwa kusintha zinthu ziwiri zokha, kapenanso kuti mwezi wonse wa mauthenga ndi kukonza kamodzi. Kalata iyenera kumasulira. Iyeneranso kusankhitsa munthu mmodzi wolankhula, pakuti pa ukwati eni nkhani amachuluka: akuchimuna, akuchikazi, ankhoswe, komiti. Mkwati akanena kuti kuvina kufupikitsidwe pamene mlamu wake akufuna kutalikitsidwe, si wojambula woyenera kuweruza. Banja likambirane lokha, limutumizire chimene lagwirizana.

Kutchula mphindi ndi sekondi kumaoneka ngati kuvutitsa kasitomala, koma kumamuteteza. Mawu akuti "pamene azakhali akuvina paja" wojambula sangawatsate, chifukwa azakhaliwo sawadziwa ndipo mwina anavina kanayi. Akalota molakwika n'kuchotsa pena, ulendo umodzi wapita pachabe.

Nkhani ya nyimbo ndiyo imabweretsa kusamvana kwambiri, ndipo ine ndimaima ndi ojambula pamenepa. Wolumikiza vidiyo amadula zithunzi motsatira kugunda kwa nyimbo. Mkwati akamaveka mphete, chithunzi chimasintha pamene nyimboyo yakwera. Mukachotsa nyimbo n'kuika ina yothamanga kapena yodekha, malo onse odulawo amasokonekera, ndipo chigawo chonsecho chimalumikizidwa mwatsopano. Zili ngati kuuza telala tsiku loyesa diresi kuti mwasintha maganizo pa nsalu. Palinso china: ngati vidiyoyo idzaikidwa pa YouTube kapena Facebook, nyimbo ya mwini ingachititse kuti mawu azimitsidwe kapena vidiyo itsekedwe. Wojambula wabwino amachenjeza zimenezi nyimbo isanasankhidwe.

Komabe kalata yotereyi siyenera kukhala linga la wojambula yekha. Amene alemba dzina la mkwatibwi molakwika, kapena kuiwala gawo lodula keke pamene analijambula, ndiyeno n'kuwerengera kukonzako ngati ulendo wa kasitomala, akuba. Chimodzimodzi amene atchula nambala ya maulendo koyamba m'kalata imeneyi. Nambalayo imayenera kunenedwa tsiku lolipira chikole, kamera isanatuluke m'chikwama. Kalata imangokumbutsa, n'chifukwa chake chitsanzo chija chikuti "monga tinagwirizana". Ngati simunagwirizane kale, lembani mopempha kuti mugwirizane tsopano, ndipo dikirani yankho musanayambe kukonza.

Bwanji maulendo awiri? Woyamba ndi wa zazikulu: chimene chasowa, chimene chatalika, chimene chili malo olakwika. Wachiwiri ndi woona ngati zokonzedwazo zakhala bwino ndi kutola tating'ono totsala. Ukatha wachiwiri, zithunzi sizisunthanso, ndipo apa m'pamene wojambula amasalaza mitundu ndi mawu. Akasalaza msanga, ntchitoyo imaonongeka pamene zigawo zikusinthidwa. Vidiyo yotsatsa malonda kapena ya bungwe, imene imadutsa m'manja mwa mabwana angapo, nthawi zina imafuna maulendo atatu, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo kuchokera pachiyambi.

Katumizidwe nakonso katchulidwe m'kalata. Vidiyo yotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi imapanikizidwa n'kutaya kuwala, ndipo kasitomala angadandaule za vuto limene kulibe. Kuitumiza ngati `Document` kapena kudzera pa Google Drive kumaisunga momwe ilili. Ndi bwinonso kupempha kuti aionere pa wailesi yakanema kapena pa kompyuta, chifukwa pa foni dzina lolakwika silioneka msanga.

Inu amene mwalandira kalata yotere, musathamangire kuyankha usiku womwewo. Ionereni vidiyoyo kawiri, koyamba mongosangalala, kachiwiri muli ndi cholembera m'manja. Itanani onse amene mukudziwa kuti adzakhala ndi chonena, makamaka makolo a mbali zonse ziwiri, ndipo mutumize mndandanda umodzi tsiku lija lisanakwane.