Mafuno a Khirisimasi ndi lendi zisadyere mbale imodzi

Mwininyumba wina wa ku Kasina wandifunsa mmene angafunire ochita lendi ake Khirisimasi yabwino popanda kuzolowerana nawo mopitirira. Kale ndinkaganiza kuti chovuta n'kupeza mawu okoma, koma ndinazindikira kuti vuto lili pa tsiku. Pa 25 Disembala mwezi umakhala ukupita kumapeto, ndiye mphunzitsi kapena namwino wochita lendi akangoona uthenga wa mwininyumba, mtima umagunda poganiza kuti akukumbutsidwa ndalama.

Choncho mafuno abwino ndi nkhani ya lendi zikhale ngati mchere ndi shuga: zonse n'za m'khitchini, koma sitiziika m'chitini chimodzi. Uthenga ukhale waufupi, waulemu ndiponso wofanana kwa onse, monga uwu: “Bambo ndi mayi, zikomo posamala nyumba chaka chino. Ine ndi banja langa tikukufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.” Mukawonjezera kuti “musaiwale za Januwale”, moni uja wasanduka kalata ya ngongole, ndipo mudzaona yankho likubwera lopepesa m'malo mothokoza.

Ena anganene kuti kwathu kuno mwininyumba ndi wochita lendi amapemphera limodzi ku Parishi ya Kasina ndipo amapalana moto, ndiye uthenga wotere ukuuma. Zoona, koma mawu onga “ndinu ana anga” amasokoneza pangano, chifukwa mwana sauzidwa kuti lendi yachedwa, ndipo kholo silikakamizidwa kukonza denga lodontha mvula ino. Ulemu umasunga chibale ndi pangano lomwe. Za lendi dikirani tsiku limene munagwirizana.